Pempho loti mundifotokozere kukwera kwa ndalama za inshuwalansi ya chigayo

Lizulu, Ntcheu
12 Febuluwale 2024

Kwa Akulu a Nthambi ya ku Lilongwe

Wokondedwa Bwana,

Ndalandira kalata yanu yondikumbutsa kuti inshuwalansi ya moto ndi umbava ya chigayo changa cha pa Lizulu ikutha pa 29 mwezi uno. Mwalembamo kuti chaka chino ndilipire K468,000, pamene chaka chatha ndinalipira K312,000. Kusiyana kwake ndi K156,000, theka lathunthu la mtengo wakale, koma m'kalatamo mulibe ngakhale mzere umodzi wonena chifukwa chake.

Chiyambireni kulipira kwa inu mu 2019 sindinabwerepo kudzapempha chipukuta misozi. Chaka chatha wothandizira wanu atandilangiza, ndinagula zozimitsira moto ziwiri, ndinaitana wamagetsi kudzasintha mawaya onse opita ku mota, ndipo mazenera ndinaika zitsulo. Mlonda amagona pomwepo. Ndinkayembekeza kuti zimenezi zitsitsa mtengo.

Ndikudziwa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, ndipo ifenso zikutiwawa: sefa, malamba ndi mabering'i zonse zakwera. Koma apa ndi pamene mutu wanga waima. Mtengo wa nyumba, makina ndi mota mwausiya pa K24,000,000 ngati kale. Ndikawerengera, ndinkalipira K1.30 pa K100 iliyonse, tsopano mukufuna K1.95. Ngati chifukwa chake ndi kugwa kwa kwacha, bwenzi mutakweza mtengo wa katunduyo, popeza moto utabuka lero, K24,000,000 singandimangire nyumba ndi kugulanso makina ngati omwewa. Ndiye kuti ndilipira zambiri pa chitetezo chimene chachepa mphamvu. Kodi alipo amene anabwera kudzaona malo anga n'kupeza kuti chiopsezo chakula? Kapena mwakwezera eni zigayo onse chifukwa cha ngozi za kwina? Ngati ndi choncho ndiuzeni mosabisa, ndimva.

Chonde mundilembere mmene mwawerengera K468,000 imeneyi, kusonyeza gawo la moto, la umbava, ndi zina zonse zowonjezera. Mundiuzenso ngati ndalama imene ndimayenera kudzilipirira ndekha ngozi ikachitika yasintha, komanso ngati pali kuchotserako kwa munthu amene sanapemphepo chipukuta misozi.

Ino ndi miyezi ya njala. Amayi amene ankabwera ndi thumba lathunthu akubwera ndi chimanga cha m'kabeseni, ndipo masiku ena makina amangokhala duu mpaka masana. Ndili ndi anyamata atatu oti ndiwalipire. Ngati mtengowo sungatsike, ndiloleni ndilipire kawiri, gawo lina pano, lotsalalo mu Meyi anthu akayamba kukolola.

Sindikufuna kuti chigayo chikhale ngakhale tsiku limodzi chopanda inshuwalansi, choncho ndithokoza yankho lanu likandipeza pasanafike pa 23 Febuluwale.

Ine wanu,
Mwini chigayo, pa Msika wa Lizulu