Chitsulo chomangika mbali zonse ziwiri: yankho la funso lachitatu la mayeso a sabata yatha

Kwa ophunzira a chaka chachiwiri a zauinjiniya, Lilongwe

Ndamaliza kuchonga mapepala anu. Pa funso lachitatu ambiri munalemba mzere woyamba bwino, R_A + R_B = 70 kN, kenako nʼkuima pomwepo. Ena munagawa pakati, 35 kuno 35 uko, ngati mukugawana nsima. Wina analemba mʼmphepete kuti funsolo laperewera nambala. Silinaperewere. Tiyeni tilibwereze modekha, muone pamene panathawira ikweshoni yachiwiri.

Funso lija linali lotere. Chitsulo cha sitilo chagona pakati pa makoma awiri a konkire, A kumanzere ndi B kumanja, ndipo chamangidwa zolimba mbali zonse. Chili ndi zigawo ziwiri zokumana pa C. Chigawo AC ndi chotalika 400 mm, eliya yake 500 mm². Chigawo CB ndi chotalika 600 mm koma chowonda, eliya yake 300 mm². Pa C pali mphamvu P = 70 kN yokankhira kumanja, kuloza ku B, motsata msana weniweni wa chitsulocho. E ya sitilo ndi 200 GPa, kapena kuti 200 000 N/mm². Pezani mphamvu zimene makoma akubweza, sitiresi mʼchigawo chilichonse, ndiponso mtunda umene C wasuntha.

Yambani ndi chithunzi. Chotsani makoma, mʼmalo mwake muikemo mivi iwiri, R_A ndi R_B, yonse yoloza kumanzere popeza P akupita kumanja. Khoma A likukoka chitsulo kuti chisapite, khoma B likuchikankha kuti chibwerere. Chitsulo sichikuyenda, choncho mphamvu zopita kumanja zikulingana ndi zopita kumanzere:

```
R_A + R_B = 70 000 N        (1)
```

Apa ndiye pathera sitatikisi. Musavutike kufunafuna momenti: mphamvu zitatu zonsezi zili pamzere umodzi, kotero mutenge momenti pa A, pa B kapena pa C, mupeza 0 = 0 basi. Zosadziwika zilipo ziwiri, ikweshoni imodzi. Ndi chimene mabuku amatcha sitatikale indetamineti, ndipo pano nʼkamlingo kamodzi chifukwa yaperewera ikweshoni imodzi yokha. 35 ndi 35 zikukwana pa (1), inde, komanso 10 ndi 60 zikukwana, 69 ndi 1 chimodzimodzi. Sitatikisi payokha singakuuzeni kuti zoona ndi ziti.

Cholakwa chake nʼchakuti mʼchaka choyamba tinakuzoloweretsani kuona chitsulo ngati chinthu chosatamuka. Chitsulo chimatamuka, kungoti diso silingaone. Taganizani za munthu wa kabaza amene wamanga thumba la makala ndi zinthu ziwiri, mphira wa chubu ndi waya, zonse zogwira pamalo amodzi. Thumba likafuna kutsetsereka pangʼono, waya ndi mphira zimatamuka mofanana, poti zagwira thumba lomwelo. Koma ndani wasenza katundu? Ndi waya. Kuti waya atamuke milimita imodzi pamafunika mphamvu yaikulu, pomwe mphira umangolola. Kasunthidwe nʼkamodzi, mphamvu nʼzosiyana. Funso lathu lagona pamenepo.

Tsopano bwererani ku chitsulo. C akasunthira kumanja, AC akukokeka ndipo akutalika. CB akupanikizika ndipo akufupika. Makoma sanasunthe, ndiye mtunda wa A kukafika B ukadali 1000 mm ndendende. Zimene AC watalika nʼzomwezo zimene CB wafupika, apo ayi chitsulo chaduka pa C kapena chaloŵa mʼkhoma. Uku ndiko kugwirizana kwa kasunthidwe, kompatibilite imene mumaimva mʼkalasi:

```
δ_AC + δ_CB = 0        (2)
```

Onetsetsani kuti mu (2) mulibe mphamvu iliyonse. Ndi nkhani ya muyeso chabe, yoti mmisiri wa tepi angaivomereze osadziŵa nʼkomwe kuti nyutoni nʼchiyani. Choilumikiza ndi mphamvu ndi lamulo la Robert Hooke, limene analisindikiza mu 1678, loti kutamuka kumayendera limodzi ndi mphamvu yokoka. Pa chitsulo chokokedwa motsata msana wake timalilemba chonchi: δ = NL/(AE), δ kukhala kutamuka, L utali, A eliya, ndipo N mphamvu ya mʼkati mwa chigawocho.

Pa N pamenepa mpamene ena a inu munagwera ngakhale munaikumbukira (2). Munaika 70 kN mʼzigawo zonse ziwiri. Ayi. Dulani chitsulo mʼmaganizo pakati pa A ndi C, muyangʼane chidutswa cha kumanzere. Chili ndi R_A yekha woloza kumanzere, choncho podulapo payenera kukhala mphamvu yokokera kumanja: N_AC = +R_A, kukokeka. Dulaninso pakati pa C ndi B, muyangʼane chidutswa cha kumanja. R_B akuchikankhira kumanzere, podulapo pakuchikankhira kumanja: N_CB = −R_B, kupanikizika. Ine ndimasunga lamulo limodzi kuyambira pamwamba pa pepala mpaka pansi, kukokeka pulasi, kupanikizika mainasi. Mukasintha pakati pa njira mupeza R_B wa mainasi nʼkuyamba kukayikira kakyuleta.

Ndimakonda kuŵerengeratu L/(AE) ya chigawo chilichonse payokha. Nambala imeneyi ikunena kufeŵa kwa chigawocho, kuti nyutoni imodzi imachitamula mamilimita angati. Gwiritsani N ndi mm ponseponse:

```
f_AC = 400 / (500 × 200 000) = 4 × 10⁻⁶ mm/N
f_CB = 600 / (300 × 200 000) = 10 × 10⁻⁶ mm/N
```

CB ndi wofeŵa kuposa AC kaŵiri ndi theka, poti ndi wamtali komanso wowonda. Iyeyu ndiye mphira uja. Musanaŵerenge china chilichonse mukudziŵa kale kuti khoma A lisenza zambiri. Ikani mu (2):

```
R_A (4 × 10⁻⁶) − R_B (10 × 10⁻⁶) = 0
R_A = 2.5 R_B
2.5 R_B + R_B = 70 kN
R_B = 20 kN,  R_A = 50 kN
```

Zotsalazi nʼzachidule. Sitiresi mu AC ndi 50 000/500 = 100 MPa, kukokeka. Mu CB ndi 20 000/300 = 66.7 MPa, kupanikizika. C wasuntha 50 000 × 4 × 10⁻⁶ = 0.2 mm kumanja. Ŵerengerani mbali inayo kuti mudzitsimikizire: 20 000 × 10 × 10⁻⁶ = 0.2 mm. Zikapanda kufanana, pena pake pathawa chizindikiro. Masitiresi onse aŵiri ali kutali ndi 250 MPa, pamene sitilo wamba yomangira imayamba kupindika osabwerera, kotero tinali ndi ufulu wogwiritsa ntchito Hooke. Mzere umenewu muziulemba pamayeso, uli ndi malikisi ake.

Chinanso: E inapezeka mbali zonse ndipo ikanatha kufafanizika. Chitsulo chonsecho chikanakhala cha aluminiyamu, makoma akanabwezabe 50 ndi 20, kungoti C akanasuntha kwambiri. Pa funso lathuli E imayamba kulamulira kagawidwe pokhapokha zigawozo zikakhala za zitsulo zosiyana.

Pali njira ina yoonera zomwezi, ndipo ndi imene ndikufuna muigwiritsitse chifukwa mudzaifuna tikafika pa mabimu. Gumulani khoma B mʼmaganizo. Chitsulo chatsala chogwira pa A pokha, sitatikisi ikukwana tsopano. P akukoka AC yekha, CB akungotengedwa osamva kanthu, ndipo nsonga B yapita kumanja ndi 70 000 × 4 × 10⁻⁶ = 0.28 mm. Koma khoma lilipo, ndiye R_B ayenera kuibweza nsongayo ndi 0.28 mm yomweyo. Pokankha pa B akufupikitsa chitsulo chonse, AC ndi CB yemwe, kotero timaphatikiza kufeŵa kwa zonse ziwiri:

```
R_B (4 + 10) × 10⁻⁶ = 0.28
R_B = 20 000 N
```

Yankho ndi lomwe lija. Ubwino wa njirayi umaoneka zinthu zikapanda kukhala zoyera ngati za mʼbuku. Tiyerekeze kuti wowotcherera anadula chitsulo mopereŵera, pakati pa nsonga B ndi khoma pakatsala kampata ka 0.14 mm, konga mapepala aŵiri a mʼkope osakwana. Nsongayo iyenda 0.14 mm mwaulere isanagunde, ndiye R_B angobweza 0.28 − 0.14 = 0.14 mm. Apa R_B = 0.14/(14 × 10⁻⁶) = 10 kN, R_A = 60 kN, ndipo sitiresi mu AC yakwera kufika 120 MPa. Kampata kosaoneka ndi maso kadula katundu wa khoma B ndi theka. Kakanakhala 0.3 mm, nsonga sikanafika nʼkomwe, R_B = 0, ndipo A akanasenza 70 kN yonse. Choncho funso likakhala ndi mpata, yambani mwafunsa ngati ukutsekeka. Mukangothamangira fomyula mupeza khoma likukoka chitsulo chimene silinachikhudze.

Kutentha nakonso kumaloŵa pakhomo lomweli. Tinene kuti chitsulochi chinamangidwa, popanda mpata, mʼmaŵa wozizira wa mu Juni kuno ku Lilongwe, ndipo masana a mu Okutobala chatentha kuposa pamenepo ndi madigiri 20. Sitilo imatalika pafupifupi 12 × 10⁻⁶ ya utali wake pa digiri iliyonse. Chikanakhala chomasuka chikanatalika 12 × 10⁻⁶ × 20 × 1000 = 0.24 mm. Makoma akukana, ndiye akuchipanikiza ndi 0.24/(14 × 10⁻⁶) = 17.1 kN, ngakhale P palibe. Phatikizani ndi zakale zija. CB tsopano wapanikizika ndi 37.1 kN, sitiresi pafupifupi 124 MPa. AC wapumako, kukokeka kwake kwatsika kufika 32.9 kN. Dzuŵa lokha latsala pangʼono kuŵirikiza katundu wa CB. Nʼchifukwa chake pamlatho mumaona kamzere kodutsa msewu pamene matayala amamveka kuti gu, akusiyira mlatho malo otalikira. Ndipo CB wowonda chonchi akapanikizika kwambiri angathe kukhotera mʼmbali asanafike 250 MPa, koma za fomyula ya Euler ya kukhotera kumeneku tikambirana mwezi wamaŵa.

Mawu amodzi pa (2). Tinati makoma sasuntha. Pa konkire wochindikala zimenezi zili pafupi ndi zoona. Pa khoma la njerwa zowotcha lomangidwa ndi dothi, 17 kN ingolikankha nʼkuchita mngʼalu, mphamvu mʼchitsulo nʼkutsika. Khoma likamalola, kulola kwakeko kumaloŵa mu (2) ngati kufeŵa kwachitatu, ndipo ziro uja salinso ziro.

Ntchito yokachita: funso lomweli, miyeso yomweyi, P yemweyu, popanda mpata ndi kutentha, koma AC akhale wa aluminiyamu, E = 70 GPa, CB akhalebe wa sitilo. Musanagwire kakyuleta lembani chiganizo chimodzi chonena khoma limene mukuganiza kuti lisenza zambiri, ndi chifukwa chake. Kenako ŵerengerani ndi njira zonse ziwiri, ndipo zithunzi za podula ndizione. Mubweretse Lachiŵiri nthaŵi ya 8 koloko, tisanayambe kalasi.