Kalata kwa a Phiri: phindu la m'mabuku ndi ndalama zomwe zili kubanki

Mchinji
14 Okutobala 2024

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi ndi ana kumeneko. Mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti mabuku a munda wanu aonetse phindu la K11,400,000 pamene sitetimenti ya kubanki ya pa 30 Sepitembala ikuonetsa K1,850,000 yokha. Ndayenderanso malisiti onse pamodzi ndi sitetimentiyo. Palibe ndalama yabedwa kapena kusowa, ndipo ziwerengero ziwirizi n'zoona zonse, kungoti chilichonse chikuyankha funso lake. Phindu likutiuza ngati zomwe mwakolola zaposa zomwe munalowetsa polima. Sitetimenti imangotiuza ndalama zomwe zalowa ndi kutuluka m'akaunti, posayang'ana kuti zachokera kuti kapena zapita kukatani.

Chaka chimayamba pa 1 Okutobala 2023 muli ndi K1,200,000 kubanki. Phindu lonse likanabwera ngati ndalama, bwenzi pano muli ndi K12,600,000. Tiyeni tilondole komwe yagona K10,750,000 yomwe simukuionayo.

Tiyambe ndi soya. Mu Julayi munapereka matumba 120 kwa wogula uja wa ku Lilongwe pa mtengo wa K40,000 thumba, zonse pamodzi K4,800,000. Iye anapereka theka. M'mabuku timalemba malonda tsiku lomwe katundu wachoka m'manja mwanu, osati tsiku lolandira ndalama, choncho K4,800,000 yonse ili m'phindu, pamene K2,400,000 idakali m'thumba mwa wogulayo. Ngongoleyi ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa china chilichonse m'mabukuwa. Miyezi itatu yatha, ndipo umboni womwe ulipo ndi kapepala kolandirira katundu kopanda tsiku lolipira. Akapanda kulipira, tidzaichotsa m'mabuku, ndipo phindu lidzatsika ndi ndalama yomweyo.

Kenako chimanga. M'nyumba yosungira muja muli matumba 80 osagulitsa. Ndalama zolimira chimangachi, za mbewu, feteleza, aganyu ndi ngolo yotutira, zinatuluka kale kubanki. Koma poti simunachigulitse, sitinaziwerengere ngati zowonongeka chaka chino. Tazisunga m'mabuku ngati katundu, thumba lililonse pa K25,000 yomwe linakudyerani, zonse K2,000,000. Sitinatenge mtengo wa pamsika, chifukwa phindu la chimanga chosagulitsa sitiliwerengera. Dziwaninso kuti K2,000,000 imeneyi ikudalira kuti chimangacho chikhalebe chabwino. Anankafumbwe akalowa, kapena matumba apansi akachita chinyezi chifukwa chogona pa simenti popanda mitengo yoyalira, mtengowo tidzautsitsa. Chimodzimodzi feteleza amene munagula mu Sepitembala, matumba 20 pa K85,000, omwe ndi K1,700,000. Munachita bwino kugula msanga, koma ameneyu ndi wa ulimi ukubwerawu, ndiye adzachotsedwa pa phindu la chaka chamawa. Kubanki ndalama yake inachoka kale.

Pampu ya sola ya kudimba ndiyo imasokoneza alimi ambiri, ndiye ndifotokoze mofatsa. Munalipira K3,000,000 tsiku limodzi. Pampuyo sithera chaka chimodzi ngati feteleza. Tinagwirizana kuti tiyerekeze zaka zisanu. Mtengo wake timaugawa pa zaka zisanuzo, K600,000 chaka chilichonse, ngati mtengo wa kutha kwake pang'onopang'ono. Choncho pa phindu la chaka chino tachotsa K600,000 yokha, pamene kubanki kunachoka K3,000,000. Kusiyana kwake ndi K2,400,000. Zaka zinayi zikubwerazi zinthu zidzatembenuka: tizidzachotsa K600,000 pa phindu popanda tambala kutuluka m'akaunti. Tikanachotsa yonse chaka chino, munda ukanaoneka ngati wapindula zochepa kuposa momwe wapinduliradi, ndipo zaka zotsatira ukanaoneka ngati ukuthirira kwaulere.

Pa ngongole ya kubanki yomwe munatenga mu 2022, chaka chino mwabweza K2,300,000. Mwa ndalamayi, K500,000 ndi chiwongoladzanja, ndipo imeneyo yokha ndiyo tachotsa pa phindu, chifukwa ndiwo mtengo wogwiritsa ntchito ndalama za eni. K1,800,000 yotsalayo ndi kubweza zomwe munakongola. Tsiku lomwe munalandira ngongoleyo sitinailembe ngati phindu, n'chifukwa chake pobweza sitiilembanso ngati chowonongeka.

Palinso ndalama zomwe munatapa m'akaunti ya munda pa zosowa za pakhomo: fizi ya ana awiri, malata a khitchini ndi chithandizo cha pamaliro mu Meyi, zonse K1,350,000. Palibe cholakwika, munthu amalimira zomwezo. Koma zimenezi ndi kudya phindu, si ndalama zolimira, ndiye sizichepetsa phindu m'mabuku.

Chinthu chimodzi chokha chikukokera mbali inayo. Simunalipire K500,000 ya mankhwala kwa wogulitsa zipangizo zaulimi, ndi K400,000 ya mwini lole amene anatuta soya. Zonsezi tazichotsa kale pa phindu, koma ndalama yake idakali m'akaunti mwanu.

Kuwerengera kwake kuli motere:

Poyambira pamodzi ndi phindu: K12,600,000
Kuchotsa ngongole ya soya K2,400,000: K10,200,000
Kuchotsa chimanga chosungidwa K2,000,000: K8,200,000
Kuchotsa feteleza K1,700,000: K6,500,000
Kuchotsa gawo lotsala la pampu K2,400,000: K4,100,000
Kuchotsa zobweza kubanki K1,800,000: K2,300,000
Kuchotsa za pakhomo K1,350,000: K950,000
Kuwonjezera zomwe simunalipire K900,000: K1,850,000

Onetsetsani mzere wachiwiri kuchokera pansi. Pa K1,850,000 yomwe ili kubanki, yanuyanu ndi K950,000 basi. Ndi imeneyo mukuyenera kulowa nayo m'dzinja, ndipo aganyu opalira ndi kubandira mu Disembala ndi Januwale safuna kumva za phindu la m'mabuku, amafuna yawo dzuwa likamalowa. Mbewu ya soya simunagule, fizi ya Januwale ikudikira, gawo lina la ngongole ya kubanki nalonso likubwera. Msonkho nawo a MRA amawerengera poyambira pa phindu, osati pa zomwe zatsala m'akaunti. Choncho maganizo aja ogula ngolo yachiwiri mwezi uno, ndikupemphani muyambe mwawaimika.

Sabata ino pitani kwa wogula soya uja, mukalemberane pepala lokhala ndi ndalama yotsala, tsiku lolipira ndi siginecha yake, pakhalenso mboni. Akanena kuti sangathe yonse pakamodzi, gawani pawiri, koma masiku alembedwe. Chimanga musathamangire kugulitsa chonse, poti mtengo umakonda kukwera miyezi ya njala, koma tsegulani matumba angapo a pansi ndi a pakati muone ngati muli fumbi kapena timabowo. Soya akapanda kulipiridwa pofika pakati pa Novembala, mugulitse matumba 30 kuti aganyu asakuimireni pakhomo.

Ndikupemphanso kuti ndalama za pakhomo muzizipatula. Sankhani ndalama yokhazikika ya mwezi uliwonse, muziisamutsira ku akaunti ina kapena pa foni, ndipo akaunti ya munda isamakhudzidwe ndi china. Zomwe mumalipira aganyu pamanja muzilemba m'kope tsiku lomwelo, dzina, ntchito ndi ndalama.

Mukamabwera Lachinayi pa 24 Okutobala, mutenge kope la aganyu, pepala la ngongole ya kubanki loonetsa masiku obwezera, ndi mndandanda wa zonse zomwe muyembekeza kugula kufikira Epulo. Tidzalemba mwezi ndi mwezi ndalama zolowa ndi zotuluka, kuti tione mwezi womwe akaunti ingaume, nthawi yokonzekera ikadalipo.

Moni kwa onse kunyumba.

Ine wanu,
E. Banda (Mayi)
Wowerengera ndalama