Nthano ya Maimoji: Masewera a Ana kwa Agogo pa Khirisimasi

Achimwene, masewera a ana aja ndi awa. Muyendetse ndinu, chifukwa ine ndi alamu anu tikhala tili ndi mapoto a mpunga kukhitchini mpaka dzuwa litapendeka. Muwayambe ana akatha kudya, cha m'ma 3 koloko, patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi. Mvula ikabwera, monga ichitira kuno ku Dedza mu Disembala, mulowe nawo pakhonde.

Gawo la maimoji ndasindikiza mapepala 4 ku Lilongwe, ali m'chikwama changa chofiira. Musadalire foni, mukudziwa mmene netiweki imavutira kumudzi kuno. Mayankho ali pano pokha, ndiye pepala ili lisachoke m'manja mwanu.

Amayi akhale pampando wawo pafupi ndi inu. Nthanoyi ndi yawo, ndi ija ankatiimbira madzulo tikukazinga chimanga, ndipo oweruza ndi iwowo. Mwana akalasa, anene ndi agogo ake. Sindikufuna kuti adzukuluwa angotchula mayina a nyama. Ndikufuna mwana aliyense afotokoze ndi pakamwa pake zimene zikuchitika, m'Chichewa, ngakhale ana a achemwali ochokera ku Joni aja amene lilime limawalemera. Akakakamira pa liwu muwadikire, anzawo asawaseke.

ZOWAUZA ANA

Ana inu, khalani m'magulu awiri, gulu la Mbatata ndi gulu la Chinangwa. Akuluakulu a ku sekondale mugawikane, musaunjikane mbali imodzi. Papepala lanu pali nthano yonse, koma mulibe liwu ndi limodzi lomwe, muli tizithunzi tokhatokha. Ndikati "Padangokhala!" nonse muyankhe kuti "Tili tonse!" Kenako tiyenda mzere umodziumodzi. Gulu likambirane monong'ona, lisankhe mmodzi woti aimirire n'kufotokoza. Amene wayankhapo kale adikire mpaka anzake onse atayesako. Mukalasa, gulu lanu lilandira njere 2 za chimanga m'mbale yake. Mukapempha kuti ndikuunikireni pang'ono, njere ikhala 1. Mukalephera, mzerewo upita kwa anzanu. Amene wazindikira nthano yonse tisanafike kumapeto asafuule, abwere adzanong'oneze agogo m'khutu.

NTHANO

1. ☀️☀️☀️ 🌧️❌ 🌽🥀 🏞️💧❌
2. 🦁📣 🐘🐃🦓🐆🐒🐢🐇
3. 🦁👉 ⛏️🕳️💧 🐘👍 🐃👍 🦓👍 🐆👍 🐒👍 🐢👍
4. 🐇👎 🌅🌿💧😋
5. 🐘⛏️💨 🐃⛏️💨 🦓⛏️💨 😓😓😓
6. 🐢🙋 😂😂😂 🐢⛏️⛏️⛏️ 💦💦💦 🥁💃
7. 🦁☝️ 🐇🚫💧 🌙🐒👀🕳️
8. 🌙 🐇🏺🍯🎶 🐒👃😋
9. 🐇🗣️ 🍯➡️🧵 🐒👍 🧵🐒🌳 🐇💧🏺🛁💨
10. 🌅🦁😡 🌙🐃🍯🧵 🌙🐆🍯🧵 🌙🐘🍯🧵
11. 🐢🙋 🐝🕯️➡️🐢 🕳️🐢🤫
12. 🌙 🐇👀🤷 🦶🐢😳 🦶🐢😠 ✋🐢😡 ✋🐢😭
13. 🌅 🐢🐇➡️🦁⚖️
14. 🐇🙏 🐘✊🌀🌀🌀 💥 🐇💨⛰️
15. 🐇🔙❓

MAYANKHO, A OYENDETSA MASEWERA OKHA

Mzere 1. Kudali chilala. Dzuwa lidaswa mtengo, mvula osagwa, chimanga chidafota ndipo mitsinje idaphwa. Uwu ndi wosavuta, mupatse wamng'ono kwambiri kuti alimbe mtima. Amayi akayamba kukamba za njala ya 2002, ija anthu ankadya zitsa za nthochi ndi gaga, musawadule. Ana awa amangodziwa madzi a pampopi ndi pamjigo, ayenera kumva kuti chilala si cha m'nthano mokha.

Mzere 2. Mfumu Mkango idaitanitsa msonkhano wa nyama zonse. Ana azitchule zonse: njovu, njati, mbidzi, kambuku, nyani, kamba ndi kalulu. Wina akati fulu m'malo mwa kamba, kapena nyalugwe m'malo mwa kambuku, walasa ndithu. Pa njati ena ati ng'ombe. Muwauze ayang'anitsitse nyanga.

Mzere 3. Mkango udati tikumbe chitsime, ndipo nyama zonse zidavomera. Khasu palibe pa maimoji, n'chifukwa chake ndaikapo piki. Muwafunse kuti ndani amene sakuoneka pamzerewu. Amene aone kuti kalulu palibe alandire njere yapadera.

Mzere 4. Apa ndi pamene ndikuona kuti atuluka thukuta. Kalulu adakana kukumba, nati iye madzi sawasowa, amanyambita mame a pa udzu m'mamawa. Dzuwa lotuluka, udzu ndi dontho la madzi, zitatuzi pamodzi ndiye mame. Akasowa, muwafunse chimene chimawanyowetsa miyendo akamadutsa m'kanjira ka kudimba kusanache bwino. Ana a kuno kumudzi ayankha msanga. A m'tauni muwapatse nthawi.

Mzere 5. Njovu idakumba, njati idakumba, mbidzi idakumba, koma kunkangotuluka fumbi lokhalokha. Zonse zidalema.

Mzere 6. Kamba adati ndiyeseko. Nyama zidaphulika nako kuseka: iwe ndi timiyendo takoto, pamene njovu yalephera? Koma kamba adatsikira m'dzenje, n'kumapalasa pang'onopang'ono osapuma, mpaka dothi lidayamba kuda ndi chinyontho, kenako madzi adatumphuka. Ng'oma idalira, gule adavinidwa. Mzere uwu musauthamangire. Amayi ali ndi kanyimbo kamene kamba ankaimba pokumba, muwapemphe akatsogolere, ana avomereze akupondaponda pansi. Ndaika chidebe chopanda kanthu pafupi ndi nkhokwe, chikhale ng'oma. Tamandani amadziona wochepa pakati pa abale ake, ndiye ngati n'kotheka mzere wa kamba umugwere iyeyo.

Mzere 7. Mkango udalamula kuti kalulu asalawe madziwo ngakhale dontho, popeza adakana ntchito. Usiku woyamba adaika nyani kuti alondere. Ndikudziwa kuti amayi anena kuti mlonda woyamba adali fisi, ndipo akunena zoona. Vuto ndi lakuti fisi mulibe m'maimoji, ndafufuza paliponse. Ndidaganiza zoika galu, koma ana akadasokonezeka. Ndiye chaka chino fisi wapuma, nyani wamugwirira ntchito.

Mzere 8. Kalulu adafika usiku atanyamula mtsuko ndi uchi, akuimba ngati munthu wongodutsa. Fungo lidam'peza nyani, malovu n'kudzadza m'kamwa. Chithunzi cha ndowa chilipo, koma chidabwera mu 2020 ndipo pa mafoni akale chimangooneka kabokosi, choncho ndasankha mtsuko. Ndiwonso woyenera nthanoyi. Mwana amene sadauonepo mumuonetse wa amayi uli pakona m'nyumbamo, amwe madzi ake amve kuzizira.

Mzere 9. Uwu ndi wautali, mulole ana awiri athandizane. Kalulu adati: "Uchi uwu ndi wa mafumu, amadya ndi omangidwa okha." Nyani adavomera. Kalulu adam'manga ndi luzi pamtengo, n'kumunyambititsa pang'ono chabe. Atatero adamwa madzi, adadzadza mtsuko, ndipo kuwonjezera chipongwe adasamba m'chitsimemo mpaka madzi onse adavunduka. Kenako ulendo. Mwana amene afotokoze ayesere mawu a kalulu ndi a nyani, pamenepo ndiye pali kukoma kwa nthano. Amene aseketse agogo ake mumuwonjezere njere.

Mzere 10. Kutacha mfumu idapsa mtima. Njati idalondera, idamangidwa. Kambuku chimodzimodzi. Ngakhale njovu yomwe idagwa nawo uchi.

Mzere 11. Kamba adadziperekanso. Njuchi ndi kandulo ndiye phula. Akalephera, muwafunse chimene chimatsala m'kamwa munthu akatafuna chisa cha njuchi n'kumeza uchi wonse. Kamba adapaka phula pachigoba chake chonse, nakakhala m'mphepete mwa chitsime ali zii, mutu ndi miyendo atabweza m'kati. Wina akati ulimbo mumulole, m'midzi ina amaimba choncho, ndipo anyamata otchera mbalame amaudziwa bwino kumata kwake.

Mzere 12. Kalulu adafika, adayang'ana uku ndi uku, mlonda palibe. Adaona chimene ankayesa mwala, nati ndipondepo potunga. Phazi lidakanirira. "Ndisiye, ndikuponda ndi linali!" Nalonso lidamatirira. Adamenya khofi, dzanja lidatsalira pomwepo. Adamenya ndi linalo, basi, kalulu wathera pamsana pa kamba. Pano ana onse aimirire achite sewero. Mmodzi agwade akhale kamba atafunda chitenje, wina akhale kalulu, otsalawo aziwerenga mokweza mwendo uliwonse ukamamatirira. Muonetsetse kuti makofiwo ndi oyerekeza chabe, makamaka kwa anyamata awiri a achimwene aang'ono aja.

Mzere 13. M'mawa kamba adanyamuka pang'onopang'ono ndi katundu wake kumsana, mpaka kubwalo la mfumu kukazenga mlandu.

Mzere 14. Mlandu udam'gomera kalulu. Iye adagwada napempha chinthu chimodzi, kuti pom'langa njovu imugwire mchira, imuzunguze m'mwamba katatu isanam'ponye. Njovu idagwira, idazunguza kamodzi, kawiri, kachitatu mchira udaduka. Kalulu adagwera patali, nadzuka, liwiro la mtondo wadooka kulowera kuphiri. Njovu idangotsala ndi ubweya m'chitamba. Mchira wokha mulibe m'maimoji, ndiye mzerewu ndi wovuta. Mukhoza kuwaunikira kawiri osawachotsera njere.

Mzere 15. Ili ndi funso la magulu onse awiri: kodi kumbuyo kwa kalulu kudatsala chiyani? Yankho ndi kamchira kakafupi kaja ali nako mpaka lero. Akayankha, mutengere ana ku khola la akalulu la anamuleri athu akale kutsidya kwa msewu, ndawapempha kale, akadzionere okha.

Pobwera kumeneko muwerenge njere. Gulu lopambana liyambe kusankha m'beseni la mandasi ndi zitumbuwa, koma ndaphika zokwanira ana onse 17, ndipo Sobo ndi wa aliyense. Amene adanong'oneza agogo dzina la nthano poyamba alandire pensulo ndi kope zili m'chikwama muja.

Kenako muwafunse kuti iwo akadakhala Mkango akadam'tani kalulu akabweranso ndi ludzu chaka chamawa. Musawauze choyankha. Ena ati am'pirikitse, ena ati am'patse piki akumbe chake, ndipo mkangano umenewo ndikufuna ndidzaumve ndili kukhitchini. Kuseri kwa mapepala ndasiya malo, gulu lililonse lijambule mathero ake ndi tizithunzi tosapitirira 6, gulu linalo lilote. Mukatha mutole mapepalawo mundisungire, ndikufuna ndiwajambule ndiwatumize pa gulu la banja la WhatsApp kuti achemwali a ku Leeds, amene alephera kubwera chaka chino, akasewere ndi ana awo tsiku la Nyuwere.