Pempho loti mundiwonjezere masiku pa pulojekiti ya Java

Bwana,

Ndikhulupilira muli bwino. Ndine Tiyamike wa chaka chachiwiri, gulu lophunzira tili kunyumba lija, amene ndimakhala ku Ngabu kuno ku Chikwawa. Ndikulemba pa nkhani ya pulojekiti ya Java imene imayenera kufika kwa inu dzulo Lachisanu pa 14 Novembala isanakwane 5 koloko madzulo. Sindinatumize, ndipo ndikupepesa kwambiri. Ndikudziwa munanena poyamba pomwe kuti wochedwa adzadulidwa malikisi, nde sindikulemba ngati kuti lamulolo sindinalimve ayi, ndangoti ndikufotokozereni zomwe zachitika mwatsatanetsatane kenako muone nokha ngati mungandithandize.

Vuto ndi magetsi bwana. Kuzimazima kwa masiku onse kuja tinakuzolowera ndipo ndinali nditapeza njira yanga, akazima masana ndimagona msanga n'kudzuka cha m'ma 11 usiku akayaka, kugwira ntchito mpaka tambala woyamba. Pulojekiti yonseyi ndailemba choncho kuyambira mu Okutobala ndipo zimayenda. Koma Lachitatu pa 5 Novembala madzulo kunabwera mvula yoyamba ija ya chimphepo, inasasula madenga angapo kwathu kuno n'kugwetsa mapolo awiri a layini yomwe imabwera m'dera lathu, mawaya anali pansi m'mbali mwa njira ya kuchigayo anthu tikuwalambalala. Kuchokera tsiku limenelo mpaka Lachinayi pa 13 sitinaone magetsi olo mphindi imodzi. Masiku asanu ndi atatu athunthu. Atakonza anayaka maola ngati atatu n'kupitanso, pano akubwera mwa apo ndi apo, nthawi zina ofooka moti babu imangoti psuu ngati khala la moto.

Laputopu yanga batire inafa kalekale, ndinaigula kwa munthu ili choncho, imagwira ntchito pokhapokha chaja ili pakhoma. Magetsi akangothima nayo imathima nthawi yomweyo osapereka mpata wosevera. Madzulo a mphepo aja ndinali pakati pa kulemba kalasi ya ngongole, ndimamva kunja malata akulira koma ndinati nditsirize kaye kamethodi kamodzi ndisanazimitse, nde zinangoti thi. Pamenepo ndiye panayambira mavuto enieni, chifukwa kusowa magetsi pakokha ndikanangodikira, koma kuthima kumeneko kunandiwonongera zinthu.

Mwina mukukumbukira kuti mutu wanga munauvomereza ndi wa pulogalamu yosungira kaundula wa banki m'khonde. Ndinautenga pa gulu la mayi anga, alipo amayi 24 amakumana Lachiwiri lililonse pansi pa mtengo wa nimu kuseli kwa tchalitchi, ndipo zonse amalemba m'kope limodzi la hadikava lomwe linanyowapo kale ndi madzi osefukira masamba ena osawerengeka. Pofika nthawi yogawana mu Disembala pamakhala mikangano chaka ndi chaka, wina akuti ndinaponya masheya asanu mlembi akuti anayi. Nde pulojekitiyi kwa ine si yongofuna malikisi okha, ndinawalonjeza amayiwo kuti chaka chino powerengera tidzagwiritsa ntchito imeneyi, ndipo alembi awo anandibwereka kope lija masiku awiri kuti ndione mmene amalembera. Ndili ndi makalasi `Member`, `Share`, `Loan` ndi `Repayment`, mawindo ndinapanga ndi Swing mu NetBeans, detabesi ndi MySQL ya mu XAMPP kulumikiza ndi JDBC monga munatiphunzitsira.

Loweruka pa 8 nditaona kuti mapolo aja sadzuka msanga ndinanyamula laputopu pa kabaza kupita pa tiredingi senta kwa mnyamata wina wometa amene ali ndi jenereta, amachajitsanso mafoni. Anandilola kukhala pakona ndikulipira pa ola. Nditayatsa, fayilo ya `Loan.java` inatseguka koma mkati munalibe chowerengeka, ndipo pokompaila imangobweretsa mzere uwu kambirimbiri:

```
Loan.java:1: error: illegal character: '\u0000'
```

Mizere yonse ya fayiloyo inasanduka ziro, kukula kwake kuli komweko koma khodi mulibe. Ndinakhala phee kwakanthawi makina ometera akulira pambali panga. Kenako ndinati bola ndione detabesi, nayo XAMPP inakana kudzutsa MySQL, imayamba n'kuima yokha ndi uthenga wofiira woti `Error: MySQL shutdown unexpectedly.` ndipo pulogalamu ikayesa kulumikiza imagwa ndi `Communications link failure`. Mmene ndawerengera, zimachitika kompyuta ikathima MySQL ili pakati polemba mafayilo ake. Ndinathera maola awiri pamenepo osaphula kanthu, kenako mwini wake anazimitsa jenereta kuti petulo watha ndipo sakudziwa kuti apeza liti wina.

Apa ndivomere kulakwa kwanga bwana, chifukwa munatiuza kangapo kuti tizikomita tsiku lililonse. Komiti yanga yomaliza inali ya pa 30 Okutobala. Masiku asanu ndi limodzi a ntchito ndinali ndisanakomite, ndimati ndidzachita zonse pamodzi gawo la ngongole likatha. Nde `git` inandibwezera `Loan.java` yakale yomwe ili ndi mafildi ndi konsitirakita basi, mbali yonse yowerengera chiwongola dzanja ndi chindapusa cha wobweza mochedwa inapita. Detabesi nayo ndinalibe ekisipoti yake. Kulakwa kwina n'koti sindinakudziwitseni msanga. Foni inali yothima masiku ambiri, ukapita kochajitsa umapeza mafoni ali mulu pa thebulo kudikira mzere, komanso netiweki kuno imafooka magetsi akakhalitsa osayaka, koma olo zili choncho uthenga umodzi ndikanatha kutumiza Lolemba. Ndinkaganiza kuti ayaka mawa, ayaka mawa, ndimaliza pa nthawi yake osakuvutitsani, mpaka Lachisanu linakwana.

Sikuti masiku amenewo ndinangokhala. Ndinayesa kwa neba amene ali ndi sola, koma kainvetala kake n'kakang'ono ka mababu ndi wailesi, ndikangolumikiza chaja kamalira n'kuzima, ndinasiya kuopa kumuwonongera. Ndinabwereranso kometa kuja kawiri. Masana kuno mukudziwa mmene Novembala amatenthera kuchigwa, pansi pa malata a kashopu kaja laputopu imatentha moti sungaike dzanja pa kiyibodi, fani ikulira ngati njinga yamoto, ndipo Lachiwiri inazima yokha kawiri chifukwa cha kutenthako olo ndinaikweza pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Nde zambiri ndinalemba pa pepala usiku ndi tochi, khodi yonse ya ngongole ndinailembanso pamanja m'kope la masamu ndikuyesa ndi manambala a m'kope la amayi aja kuti ndione ngati ikutuluka bwino. Gulu lawo limaika 20 peresenti pa mwezi, nde wotenga K50,000 abweze K60,000 mwezi ukatha, ndipo methodi yake ndi iyi, ndailowetsa kale dzulo magetsi atabwera pang'ono:

```java
public double totalDue(int months) {
    return principal + principal * rate * months;
}
```

Pomwe zinthu zili pano ndi apa. Kulembetsa mamembala ndi kuponya masheya kukugwira ntchito monga ndinakuwonetserani pa chiwonetsero cha pakati pa temu chija. MySQL ndaichotsa n'kuiikanso, matebulo atatu ndawapanganso kuchokera pa dayagiramu yomwe ili mu lipoti, latsala la `repayments`. Chomwe chatsala kwenikweni ndi kumalizitsa kalasi ya `Loan`, kuilumikiza ndi windo lake, gawo logawa phindu pakutha pa chaka, kuyesa zonse pamodzi, ndi machaputala awiri omaliza a lipoti amene amafuna zithunzi za pulogalamu ikugwira ntchito. Lipotilo silinawonongeke, linali pa fulashi. Ndikawerengera moona mtima ndi ntchito ya masiku asanu kapena asanu ndi limodzi ngati magetsi alipo tsiku lonse.

Pempho langa ndi loti mundilole kutumiza Lolemba pa 24 Novembala isanakwane 12 koloko masana. Sindikudaliranso magetsi a kwathu kuno ayi. Ndalankhula ndi achimwene a mayi anga amene amakhala ku Nchalo, kunyumba kwawo ali ndi sola yaikulu ya mabatire awiri yomwe imayendetsa firiji, ndipo avomera kuti ndikakhale kumeneko sabata yonse. Ndikwera minibasi mawa m'mawa tikangoweruka ku tchalitchi. Kushopu komwe ndimagwira ganyu ndapempha kale ndipo andilola, malipiro a sabatayo ndiluza koma palibe kanthu. Ndikafika ndizikomita ndi kupusha madzulo aliwonse kuti muziona nokha mmene ntchito ikuyendera, ndipo ngati mungakonde Lachinayi pa 20 ndikhoza kukutumizirani zomwe ndafika nazo olo zisanathe.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza foda ya pulojekiti mmene ilili lero, zotuluka za `git log` kuti muone madeti a makomiti kuyambira mu Okutobala, zithunzi za mauthenga a zolakwika aja pa sikirini, zithunzi za masamba a kope momwe ndinalemba khodi pamanja, komanso chithunzi cha mapolo ogwa chomwe mng'ono wanga anajambula m'mawa wa pa 6. Ngati pakufunika umboni wina, a mfumu a m'mudzi mwathu akhoza kulemba kalata chifukwa ndi iwo amene amayendetsa nkhani yokanena za mapolowo, mungondiuza ndikaitenga ndisananyamuke kapena mng'ono wangayo adzaijambula n'kunditumizira.

Ngati malamulo a dipatimenti sakulolani kuwonjezera masiku popanda kudula malikisi, ndilandira kudulidwako, chachikulu ndi choti pulojekitiyi ilandiridwe ndipo muichonge. Kosi iyi ndikailephera ndiye kuti ndibwereza chaka chamawa, ndipo fizi yomwe ndikuphunzirira inachokera pa ng'ombe imene bambo anagulitsa, yachiwiri yoti agulitsenso palibe. Ngati pali fomu yoti ndilembe kapena ofesi ina yomwe pempholi likuyenera kudzera, chonde ndilozereni ndichita zimenezo Lolemba lomweli. Foni ndaichaja yadzadza ndipo ikhala yoyaka, mukhoza kundiyankha pa imelo yomweyi kapena pa gulu la kalasi la WhatsApp.

Zikomo kwambiri bwana chifukwa chowerenga mpaka pano.

Ndine wophunzira wanu,
Tiyamike
Ngabu, Loweruka pa 15 Novembala