Kukambirana Zotsatira: Kusintha kwa Kulemera kwa Mbatatesi

Tinaika timipukutu ta mbatatesi m'madzi opanda mchere ndi m'madzi a mchere wochuluka mosiyanasiyana, n'kuyeza kulemera kwake poyamba ndi pomaliza. Timipukututi sitinali tolemera mofanana poyamba, n'chifukwa chake tayerekeza maperesenti osati magalamu:

(kulemera komaliza − kulemera koyamba) ÷ kulemera koyamba × 100

M'madzi opanda mchere, kampukutu ka magalamu 2.50 kanafika pa 2.80, kukwera ndi maperesenti 12. Kanalimba gwa, popeza madzi analowa m'maselo mwa osimosisi, kudzera pa kachikopa kolola madzi kudutsa koma kotsekereza mchere. M'madzi a mchere wa 1.0 M, pomwe M ndi muyeso wa kuchuluka kwa mchere m'madzi, kampukutu ka magalamu 2.40 kanatsika mpaka 1.92, kuchepa ndi maperesenti 20, ndipo kanali lobodo, kopindika mosavuta chifukwa madzi anatuluka m'maselo.

Chofunika kwambiri n'chakuti mzere wa galafu yosonyeza kusintha kwa kulemera poyerekeza ndi kuchuluka kwa mchere wadutsa pa ziro pafupi ndi 0.2 M. Pamenepo madzi olowa ndi otuluka anali ofanana. Tinapukuta kampukutu kalikonse ndi pepala tisanayeze, apo ayi madzi apamwamba akanawonjezera kulemera.