Kalata yoitanitsa ngongole ya lendi ya miyezi 6

Ofesi ya Maloya
Victoria Avenue
Blantyre

10 Malichi 2025

Bambo Phiri
Nyumba ya Mayi Nachisale
Nkolokosa
Blantyre

Yoperekedwa pamanja

Bambo,

NGONGOLE YA LENDI NDI MADZI YA K1,766,400 NDI CHIDZIWITSO CHOTULUKA M'NYUMBA

Ife ndife maloya a Mayi Nachisale, eni nyumba ya zipinda zitatu zogona imene mukukhalamo ku Nkolokosa. Atituma kuti tikulembereni, ndipo kuyambira lero nkhani yonse ya nyumbayi idzidzera kwa ife. Musawaimbirenso foni kapena kuwatumira munthu.

Pa 1 Epulo 2023 inu ndi mayiwa munasainirana pangano la lendi pamaso pa mboni ziwiri. Ndime 3 ya panganolo ikunena kuti lendi ndi K280,000 pamwezi, yolipiriratu, ndipo isapitirire pa 5 mwezi uliwonse. Ndime 6 ikuti madzi ndi magetsi mudzilipira nokha. Mabuku a malisiti amene tapatsidwa akuonetsa kuti lendi ya Okutobala, Novembala ndi Disembala 2024, komanso ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi 2025, simunapereke ngakhale tambala. Miyezi 6 pa K280,000 ikukwana K1,680,000. Bilu ya Blantyre Water Board, imene imabwera m'dzina la eni nyumba, yafika pa K86,400. Magetsi sitikuwatchula chifukwa mita yake ndi yogulira mayunitsi. Zonse pamodzi ndi K1,766,400.

Tikudziwa kuti pa 14 Novembala 2024 munatumiza K100,000 pa Airtel Money. Ndalamayo sinasowe. Mu Seputembala munapereka K180,000 yokha, choncho K100,000 ija inatseka zotsalira za mwezi umenewo, ndipo lisiti imene munalandira ikunena chimodzimodzi. Ngati muli ndi lisiti ina, pepala la ku banki kapena uthenga wa pafoni woonetsa ndalama imene sitinaiwerenge, bwerani nazo ndipo tidzachotsera tsiku lomwelo.

Mayi Nachisale anakukumbutsani pakamwa kangapo, kenaka anakulemberani pa 9 Disembala 2024 ndi pa 27 Januwale 2025. Pa kalata yachiwiriyo munayankha ndi dzanja lanu kuti mudzamaliza zonse kumapeto kwa Febuluwale. Yankho limenelo tili nalo, ndipo m'khoti lidzaima ngati umboni woti ngongoleyi munaivomera.

Pali zifukwa ziwiri zimene mwakhala mukupereka, ndipo ndi bwino tiziyankhe tsopano kuti zisadzatidyere nthawi kutsogolo.

Choyamba ndi dipoziti. Mwanena kuti K280,000 imene munapereka polowa iwerengedwe ngati lendi ya mwezi umodzi. Ndime 4 ikukana zimenezo. Dipoziti ndi chikole cha nyumba, chodikira tsiku lotuluka. Tsikulo mbali zonse ziwiri zimayendera nyumba ndi pepala la katundu limene munasaina polowa, kuona magalasi, maloko, mipope, masoketi ndi penti, ndipo chotsala pa dipoziti zoonongeka zikachotseredwa ndicho chingapite ku ngongole. Tsiku limenelo lisanafike, dipoziti sichepetsa kanthu pa K1,766,400.

Chachiwiri ndi denga. Mukuti mvula itayamba munaika malata atatu atsopano pamwamba pa khitchini ndi kusintha silingi, ndipo zinakudyerani K150,000. Ndime 8 imafuna zinthu ziwiri munthu asanachotse ndalama yokonzera nyumba pa lendi: chilolezo cholembedwa cha eni nyumba ntchito isanayambe, ndi malisiti ntchito ikatha. Chilolezo simunapemphe, malisiti simunaonetse. Komabe mayiwa sakufuna kudya thukuta la munthu. Mukabweretsa malisiti a malata, misomali, mabolodi ndi a mmisiri pasanafike pa 24 Malichi, iwo adzatumiza mmisiri wawo kudzaona ntchitoyo, ndipo ndalama imene idzatsimikizike idzachotseredwa. Tingowonjezera kuti ngakhale K150,000 yonse italoledwa, siikwana ndi lendi ya mwezi umodzi womwe. Denga silingafotokoze miyezi 6.

Chotero tikukulamulani kulipira K1,766,400 pasanathe masiku 14 kuchokera lero, kutanthauza kuti pofika 4 koloko madzulo Lolemba pa 24 Malichi 2025. Lipirani ku ofesi yathu ndi ndalama zapamanja kapena cheke chotsimikizidwa ndi banki, apo ayi ikani mu akaunti ya eni nyumba imene yalembedwa patsamba 2 la pangano, ndipo mutibweretsere pepala la ku banki tsiku lomwelo. Musapereke ndalama kwa mlonda, kwa mwana wa eni nyumba kapena kwa wina aliyense, chifukwa ndalama yopanda lisiti yathu sitidzaiwerenga. Mukapereka gawo chabe tidzalandira ndi kulemba lisiti, koma kulandirako sikudzaimitsa masiku 14 aja, ndiponso sikudzafafaniza chidziwitso chili m'munsimu.

Ngati ndalama yonse simungaipeze nthawi imodzi, pali njira imodzi yokha imene tapatsidwa mphamvu yovomera. Mupereke theka, K883,200, pofika pa 24 Malichi. Theka linalo mulipire kawiri, K441,600 pa 30 Epulo ndi K441,600 pa 30 Meyi, kwinaku mukulipira lendi ya mwezi uliwonse panthawi yake. Mudzasaina pangano la ngongoleyo ku ofesi kuno pamodzi ndi munthu mmodzi wokuimirani, wokhala ndi ntchito kapena bizinesi yodziwika, amene adzabwere ndi chiphaso chake cha unzika. Mukadzaphonya tsiku limodzi mwa masiku amenewa, ndalama yonse yotsala idzafunika nthawi yomweyo.

Kalata ino ndi chidziwitsonso cha mwezi wathunthu chimene ndime 11 imafuna. Mutuluke m'nyumbamo ndi kupereka makiyi onse ku ofesi yathu pofika pa 30 Epulo 2025. Mukalipira zonse, kapena mukasaina pangano la pang'onopang'ono lija pofika pa 24 Malichi, eni nyumba adzachotsa chidziwitsochi polemba kalata. Popanda kalata imeneyo chidziwitso chili chiimire. Dziwaninso kuti lendi ya Epulo ikadzalowa ngongole idzafika pa K2,046,400, osawerengera madzi a miyezi ikubwerayi, ndipo kutuluka m'nyumba sikuthetsa ngongole.

Tsiku la 24 Malichi likadzadutsa muli chete, tauzidwa kale kuti tikasume kukhoti popanda kukulemberaninso. Tidzapempha chigamulo cha ngongole yonse, chiwongoladzanja chimene ndime 5 imalola, ndalama zoyendetsera mlandu, ndi lamulo loti nyumba ibwerere kwa mwini wake. Chigamulo chikatuluka osalipidwa, a sherifu amabwera kudzalemba ndi kutenga katundu, amakamugulitsa pa okushoni, ndipo ndalama zawo zogwirira ntchitoyo zimagweranso inu. Pa okushoni filiji kapena sofa sizipita pa mtengo umene munagulira, kotero katundu amatha kuchoka wambiri ngongole n'kutsalabe. Khoti lingathenso kulamula kuti ndalama idzichotsedwa pa malipiro anu kuntchito kapena mu akaunti yanu ya ku banki. Mukalipira m'masiku 14 aja, eni nyumba avomera kusiya chiwongoladzanja chonse.

Tawalangiza mayiwa kuti pakadali pano asasinthe maloko, asachotse zitseko, asatseke madzi, ndipo asatumize anyamata kudzatulutsa katundu wanu panja. Wina akabwera kudzachita zotere m'dzina lawo, tidziwitseni msanga. Nanunso musalowetsemo munthu wina wa lendi, musachotse chilichonse cholembedwa pa pepala la katundu wa nyumba, ndipo musasamuke usiku osapereka makiyi, chifukwa lendi idzapitirira kuwerengedwa mpaka makiyiwo atafika m'manja mwathu.

Ife tikuimira eni nyumba, choncho sitingakupatseni uphungu pa nkhaniyi. Muli ndi ufulu woonetsa kalatayi kwa loya wanu, ndipo ngati simungakwanitse kulipira loya mukhoza kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau konkuno ku Blantyre. Ngati mukutsutsa chiwerengero chilichonse, tiyankheni polemba pasanathe masiku 7, mutchule mwezi wake, ndalama yake ndi umboni wake.

Sainani pa kope limene wabwera nalo mthenga wathu. Kusainako kukungoonetsa kuti kalata mwalandira, osati kuti mwavomera zimene zalembedwamo. Mukakana, mthengayo adzalemba tsiku, nthawi ndi malo amene wakusiyirani kalatayi, ndipo masiku adzawerengedwabe kuchokera lero.

Ife anu,

Maloya oimira Mayi Nachisale

Kope: Mayi Nachisale