Kwa bambo a Tadala, Lachitatu usiku

Bambo a Tadala, mwaswera bwanji kumeneko ku Moatize? "Ndamva" wanu uja wafika masana ano ndili kudimba. Sindinayankhe pomwepo chifukwa mtima unali m'mwamba, ndipo zimene ndikanalemba nthawi imeneyo sizikanatithandiza. Tsopano ana agona, mbale ndatsuka, ndakhala pansi.

Ndikudziwa kuti mukadali okwiya, ndipo sindikukukakamizani kuti mulembe zambiri lero. Mwina mwatuluka kuntchito mutatopa, ndi kutentha kwa Novembala kumeneko komwe munthu amalephera kugona m'nyumba. Kuno ku Ulongwe usiku tikufundabe. Koma kukhala chete ngati ndabwezera, ayi, chimenecho sindichita. Lamlungu tinalankhulana mokweza, foni inaduka tisanamvane, ndiye ndikufuna muone nkhani yonse mwadongosolo, muwerenge nthawi imene mungathe.

Mbatatesi zinatuluka matumba 8. Ogula ochokera ku Tete anafika Lachisanu ndi galimoto yawo mpaka pamsewu wa kumunda, ndipo ndinagulitsa thumba pa mametikali 1,500, zonse pamodzi 12,000. Ndinagula feteleza matumba awiri pa 6,000. Anyamata okumba ndi mwini ngolo ndinawapatsa 1,000. Zotsala 5,000 zili mu M-Pesa, sindinakhudzeko ngakhale pang'ono. Ndalama za malata zimene munkawerengera zachepa, zimenezo n'zoona. Koma mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Domwe, ndipo mukudziwa mmene feteleza amakwerera mvula ikangogwa, aliyense akathamangira kusitolo tsiku limodzi. Chimanga cha chaka chatha chakumtunda kuja munachiona nokha mmene chinachitira chikasu.

Komabe ndikaganiza bwino, sindikhulupirira kuti chakupwetekani kwambiri ndi ndalama. Munanena kuti ndinafunsa achimwene anga ndisanafunse inu, ngati kuti pakhomo pano palibe mwamuna. Mawu amenewo ndawasinkhasinkha. Achimwene anali pomwepo pamunda, ndi amene anandithandiza kukambirana mtengo ndi anthu aja, poti pa Chipwitikizi chawo chothamanga ine ndimatsalira. Inu ndinakuimbirani kawiri foni ili yozima, ndipo ogula sakanadikira mpaka mutuluke. Umo ndi mmene zinayendera. Kuti zinakuwawani ndamvetsa, ndipo sindikunena kuti musamve kuwawa. Ulendo wina zikadzatere, mundiuze chimene mukufuna: ndidzasiye katundu mpaka tilankhulane, kapena ndidzagulitse n'kukutumizirani uthenga nthawi yomweyo. Chimene tigwirizane ndidzatsata.

Inenso chilipo chimene chinandibaya. Munati ndimadya thukuta lanu. Bambo a Tadala, dimba lija ndathirira ndi khasu ndi ndowa kuyambira mwezi wa Julayi, m'mawa kuli chisanu chothetsa zala. Inu mukuvutika kumeneko m'fumbi la malasha, ine kuno m'matope, tonse chifukwa cha nyumba imodzi. Sindikufuna kuti mupepese pa foni usiku uno. Ndangoti mudziwe kuti ndinamva, ndipo sizinandichoke.

Nkhaniyi sindinauze munthu. Amayi anafunsa dzulo kuti bwanji foni siikulira madzulo monga mwa masiku onse, ndinangoti muli pa ntchito ya usiku. Kwa ankhoswe sindinapite, ndipo sindikuona chifukwa chowavutitsira pa nkhani imene ife awiri tingaithe titakhala pamphasa. Tadala yekha ndiye wovuta kumunamiza, mwana ameneyu makutu ake ndi a kalulu. Wandifunsa ngati mubwera ndi nsapato zija munamulonjeza. Ndamuuza kuti afunse mwini wake.

Ngati Loweruka muli omasuka, kwerani shapa ya m'mawa, mudzaone feteleza ndi maso anu, tidzawerengere limodzi zotsalazo, tione ngati malata tingayambe ndi ochepa a chipinda cha ana, ena n'kudzagula tikakolola nyemba. Ngati kubwera sikutheka, ndiimbireni Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndidzakhala ndatchaja foni. Mukafuna masiku ena oti mtima utsike, tengani, ine sindikutumizirani mauthenga motsatizana.

Chimodzi chokha sichingadikire. Mbewu ya chimanga sindinagule, chifukwa munati chaka chino mukufuna kusankha nokha. Mvula ikagwa sabata ino, ndigule yocha msanga ngati ya chaka chatha, kapena tibzale yamakolo ili m'nkhokwe? Pamenepa ngakhale mutayankha ndi liwu limodzi, lindikwanira.

Mankhwala a chifuwa aja muzimwa, musasiye poti chayamba kuchepa. Mugone bwino.

Ndine mayi a Tadala